Mmene mungaintigiretere ln x, arctan x ndi arcsin x zikaima zokha

Pa tebulo la maderivetivi limene mudaloweza mutangoyamba kalikulasi, ln x, arctan x ndi arcsin x zonse zili kumanzere. Mukudziwa chimene chilichonse chimabala mukachidifarenshiyeta. Koma kumanja, kumene kumakhala mayankho, palibe n'chimodzi chomwe mwa zitatuzi. Choncho simungawerenge tebulolo chobwerera ngati mmene mumachitira ndi cos x kapena eˣ. N'chifukwa chake funso lalifupi ngati ∫ arctan x dx limatha kuimitsa gulu lonse la disikashoni, kaya m'kalasi ku Mzuni kaya m'kachipinda ka lendi ku Luwinga, aliyense akufunafuna chosinthira kalembedwe koma osachipeza.

Njira yake ndi ya bayi patsi, yomwe ija mudagwiritsa ntchito pa x cos x ndi x eˣ. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti njirayi imafuna zinthu ziwiri zochulukitsana, pomwe apa maso akuona chimodzi. Chachiwiricho chilipo, kungoti sitichilemba. Ndi 1.

Maziko ake

Fomula ndi iyi:

∫ u dv = uv − ∫ v du

Imachokera ku lamulo lodifarenshiyetera zinthu ziwiri zochulukitsana, d(uv) = u dv + v du. Mukaintigireta mbali zonse ndi kusamutsa gawo limodzi, mwafika pa fomulayi. Onani bwino zimene ikukupemphani. Gawo limene mwalitcha u muyenera kulidifarenshiyeta, ndipo gawo limene mwalitcha dv muyenera kuliintigireta. Tsopano dzifunseni: pa arctan x, n'chiyani chimene ndingathe kuchita? Kuintigireta simungathe, popeza ndilo funso lenilenilo. Kudifarenshiyeta mungathe. Ndiye arctan x akhale u, ndipo chotsala, dx yekha, akhale dv.

Palinso chifukwa china chachikulu. Mafankishoni atatuwa ali ndi khalidwe limodzi: ukawadifarenshiyeta, amasowa osasiya nkhope yawo.

d/dx (ln x) = 1/x

d/dx (arctan x) = 1/(1 + x²)

d/dx (arcsin x) = 1/√(1 − x²)

Kumanjako mulibe logarithimu, mulibe ngodya, muli aljebura yekhayekha. Izi sizichitika ndi sin x, amene amangosanduka cos x, kapena eˣ, amene sasintha n'komwe. Ndiye tikaika fankishoni yovutayo pa u, intigiro yatsopano imene ikubwera, ∫ v du, imakhala ya tizigawo ta x wamba, ndipo zimenezo tili ndi zida zake.

Mwina mudamvapo za LIATE, mndandanda wothandiza kusankha u umene Herbert Kasube adaufalitsa mu 1983. Zilembo ziwiri zoyambirira, L ndi I, zikuimira malogarithimu ndi mafankishoni obweza a tirigonometire ngati arctan ndi arcsin. Zili patsogolo pa chifukwa chomwechi. Ine ndimakonda kuti wophunzira adziwe chifukwacho m'malo mongoloweza zilembo, pakuti tsiku limene funso lidzabwere mwa mtundu wina, chifukwa ndicho chidzamuthandize.

Tiyambe ndi ln x, amene ndi wosavuta

Lembani funso motere, 1 wobisika uja aonekere: ∫ (ln x)(1) dx.

Sankhani u = ln x ndi dv = dx. Mukadifarenshiyeta u mupeza du = (1/x) dx. Mukaintigireta dv mupeza v = x. Zinayi zimenezi zilembeni pambali pa pepala, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, musanakhudze fomula. Kenako lowetsani:

∫ ln x dx = x ln x − ∫ x · (1/x) dx = x ln x − ∫ 1 dx = x ln x − x + C

x wa v wafafaniza x wa pansi pa du, ndipo nkhani yathera pomwepo. Yankholi limagwira pamene x ndi woposa 0, popeza ndi pokhapo pamene ln x ali ndi tanthauzo. Kuchokera pa 1 kufika pa e lipereka (e − e) − (0 − 1), kutanthauza 1 ndendende.

Ngati mukufuna kuona chimene chimachitika mukasankha mosemphanitsa, yesani u = 1 ndi dv = ln x dx. Nthawi yomweyo mufunika v, amene ndi ∫ ln x dx, chinthu chomwe mudanyamukira kukafuna. Ichi ndicho chizindikiro choyamba chakuti mwasankha molakwika: kupeza v kukukuvutani mofanana ndi funso lenilenilo.

arctan x kuchokera pa 0 kufika pa 1

Apa tikhalitsepo, chifukwa masitepe onse a njirayi akuonekera bwino, pamodzi ndi malo amene anthu amagwera.

Sitepe yoyamba ndi yomwe ija. u = arctan x, dv = dx. Mabuku ena ndiponso makakyuleta amalemba tan⁻¹ x. Ndi chinthu chomwecho, ngodya imene tan wake ndi x, osati 1/tan x. Amene wawerenga −1 ameneyu ngati pawa wasochera asanayambe n'komwe.

Sitepe yachiwiri, pezani du ndi v: du = dx/(1 + x²) ndipo v = x.

Sitepe yachitatu, lowetsani mu fomula:

∫ arctan x dx = x arctan x − ∫ x/(1 + x²) dx

Imani kaye muone chimene chachitika. M'kati mwa intigiro yatsopanoyi arctan mulibenso. Ngati mutafika pano n'kupeza akadalimo, bwererani, penapake mwasemphanitsa u ndi dv.

Sitepe yachinayi ndi imene ili ndi ntchito yeniyeni, kumaliza intigiro yotsalayo. Ambiri akaona 1 + x² pansi, dzanja limathamangira kulemba arctan x chifukwa adazolowera. Koma arctan amabwera pamene pamwamba pali nambala yokha. Apa pamwamba pali x, ndipo x ameneyo ndi theka la derivetivi ya zimene zili pansi. Ndiye lowetsani chilembo china. Musagwiritsenso ntchito u, popeza ali kale ndi ntchito, tengani w. Ikani w = 1 + x², choncho dw = 2x dx, kutanthauza kuti x dx = dw/2.

∫ x/(1 + x²) dx = ½ ∫ dw/w = ½ ln(1 + x²)

Timizere ta mtengo wosaona chizindikiro, | |, sitikufunika pano chifukwa 1 + x² sangatsike pansi pa 1. Tikaphatikiza zonse:

∫ arctan x dx = x arctan x − ½ ln(1 + x²) + C

Sitepe yachisanu ndi kutsimikiza, ndipo chonde musamaidumphe. Difarenshiyetani yankho lanu. Gawo loyamba, x arctan x, lipereka arctan x + x/(1 + x²). Gawo lachiwiri lipereka −½ · 2x/(1 + x²), amene ndi −x/(1 + x²). Ziwiri zomalizazi zikudyana, ndipo patsala arctan x yekha. Ndi mizere iwiri yokha, koma imagwira pafupifupi cholakwika chilichonse cha chizindikiro kapena cha ½ woiwalika.

Tsopano malire. Pa x = 1, arctan 1 = π/4 ndipo ln(1 + 1) = ln 2. Pa x = 0 magawo onse awiri ndi 0, popeza ln 1 = 0. Ndiye:

π/4 − ½ ln 2 ≈ 0.7854 − 0.3466 = 0.4388

Nanga mungadziwe bwanji kuti 0.4388 ndi nambala yomveka? Jambulani girafu mwachangu. Imayambira pa 0, imakwera mpaka 0.785 pa x = 1, ndipo imapindikira pansi, kukwera kwake kukucheperachepera. Dera la pansi pake silingapose bokosi la m'lifupi 1 ndi msinkhu 0.785. Komanso, popeza girafuyo ili pamwamba pa mzere wowongoka wolumikiza nsonga ziwirizo, deralo liyenera kuposa theka la bokosilo, 0.393. Yankho lathu lili pakati pa 0.393 ndi 0.785, chifupi ndi yaing'onoyo, monga girafu ikuonetsera.

Manambala awiriwa, 0.393 ndi 0.785, amaulula zolakwika zitatu zimene ndimaziona kawirikawiri m'makope a ophunzira. Woiwala ½ amapeza 0.7854 − 0.6931 = 0.092, nambala yochepetsetsa. Wolemba pulasi m'malo mwa mainasi amapeza 1.132, yoposa bokosi lonse. Wachitatu ndi amene kakyuleta yake idatsala pa madigiri: arctan 1 imamupatsa 45, ndipo yankho limatuluka 44.65. Musanayambe, yang'anani kachilembo kakang'ono pamwamba pa sikirini. Pakhale R kapena RAD, osati D kapena DEG, makamaka ngati kakyuletayo mwabwereka kwa mng'ono wanu wa ku sekondale, amene amawerenga ngodya m'madigiri masiku onse. Derivetivi ija ya arctan x, 1/(1 + x²), ndi yoona pokhapokha ngodya ili m'marediyani.

Pali njira ina yoonera yankho lomweli, ndipo kwa ine ndi imene imachotsa maganizo akuti 1 uja ndi matsenga. Ganizani za dimba lamakona anayi limene kanjira kokhota kalidula pawiri, kuchokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anana nayo. Ngati mukudziwa kukula kwa dimba lonse ndi kukula kwa mbali ya mnansi wanu, mbali yanu simufunika kuiyeza, mungochotsera. Dimba lonse ndi uv, pano 1 × π/4. Kanjirako ndi girafu ya y = arctan x. Mbali yanu ndi ya pansi pa girafu. Mbali inayo, ya pakati pa girafu ndi mzere wa y, imayezedwa mopingasa, ndipo kumeneko x = tan y. Kukula kwake ndi ∫ tan y dy kuchokera pa 0 kufika pa π/4, kumene ndi ln √2, kapena kuti ½ ln 2. Ndi nambala yomwe ija tidachotsera. Choncho chimene fomula ikuchita n'kusinthanitsa dera lovuta la fankishoni yobweza ndi dera losavuta la fankishoni imene idabwezedwayo.

arcsin x ndi mainasi ziwiri

Masitepe atatu oyamba sasintha, ndiye tidutsepo msanga. u = arcsin x, dv = dx, du = dx/√(1 − x²), v = x.

∫ arcsin x dx = x arcsin x − ∫ x/√(1 − x²) dx

Pa intigiro yotsalayi ikani w = 1 − x². Ulendo uno dw = −2x dx, choncho x dx = −dw/2. Intigiro ya 1/√w ndi 2√w, ndipo mukachulukitsa ndi −½ mupeza −√w. Ndiye intigiro yotsalayo ndi −√(1 − x²). Koma kumbukirani kuti patsogolo pake pali kale mainasi ya fomula. Ziwirizi zikakumana zibala pulasi:

∫ arcsin x dx = x arcsin x + √(1 − x²) + C

Njira yabwino yopewera kusokonezeka ndi kumaliza intigiro yotsalayo pambali, kuiika m'mabulaketi pamodzi ndi chizindikiro chake, kenako n'kuibweretsa mu mzere waukulu. Oyesa kuchita zonse m'mutu ndi amene amataya mainasi imodzi.

Tiyese kuchokera pa 0 kufika pa ½. Pamwamba, arcsin ½ = π/6, ndiye tipeza π/12 + √3/2. Pansi pali msampha. Tidazolowera kuti x = 0 amapereka 0, koma pano √(1 − 0) ndi 1, ndipo 1 ameneyo ayenera kuchotsedwa.

π/12 + √3/2 − 1 ≈ 0.2618 + 0.8660 − 1 = 0.1278

Potsimikiza, kumbukirani kuti pa x wamng'ono arcsin x amatsala pang'ono kufanana ndi x, akungomuposa pang'ono. Dera la pansi pa y = x kufika pa ½ ndi 0.125, choncho 0.1278 ikukhala bwino. Woiwala malire a pansi amapeza 1.1278, pomwe bokosi lonse ndi 0.2618 basi.

Fankishoni ya arcsin x ili ndi tanthauzo pokhapokha x ali pakati pa −1 ndi 1. Malire akafika pa 1 penipeni, √(1 − x²) wa pansi uja amasanduka 0, ndipo intigiro yotsalayo imaoneka ngati yaphulika. Mukaitenga ngati limiti imakhazikika bwinobwino, ndipo kuchokera pa 0 kufika pa 1 yankho ndi π/2 − 1, pafupifupi 0.5708.

arccos x musamuvutikire payekha. Popeza arcsin x + arccos x = π/2, derivetivi yake ndi yomweyo koma ya mainasi, ndipo yankho ndi x arccos x − √(1 − x²) + C.

Kusankha v mwanzeru

Ichi ndi chimene ambiri sadauzidwe, ndipo chimapulumutsa nthawi pa mayeso. Tikaintigireta dv = dx timalemba v = x, koma x + 1, x − 7 kapena x + 3/2 onse ali ndi derivetivi 1. Aliyense mwa iwowa akhoza kukhala v, ndipo yankho lomaliza silisintha, kupatula nambala imene imamezedwa ndi C. Ndiye tili ndi ufulu wosankha amene atifafanizire za pansi.

Tengani ∫ ln(2x + 3) dx. Pano u = ln(2x + 3), ndipo podifarenshiyeta musaiwale za m'kati: du = 2 dx/(2x + 3). Mukatenga v = x mutsala ndi ∫ 2x/(2x + 3) dx, imene ikufuna kuti muyambe mwagawa. Zimatheka, koma ndi mizere ina itatu. Tengani v = x + 3/2, amene ndi (2x + 3)/2. Mukachulukitsa v ndi du, zonse zifafanizika ndipo patsala dx yekha:

∫ ln(2x + 3) dx = ½ (2x + 3) ln(2x + 3) − x + C

Mnzanu amene watenga v = x akhoza kupeza yankho looneka losiyana ndi lanu. Musakangane. Chotserani limodzi pa linzake, ndipo ngati chotsala ndi nambala chabe, nonse mwakhoza.

Nzeru yomweyi imagwira pamene fankishoni siili yokha. Pa ∫ x arctan x dx, u akadali arctan x, koma tsopano dv = x dx. Mwachizolowezi v = x²/2. Mukatenga v = (x² + 1)/2, iye afafaniza 1 + x² wa pansi pa du, ndipo patsala ½ dx:

∫ x arctan x dx = ½ (x² + 1) arctan x − x/2 + C

Pamene logarithimu yakana kuchoka ulendo umodzi

Pa ∫ (ln x)² dx tengani u = (ln x)² ndi dv = dx. Mupeza du = 2 (ln x)/x dx, ndipo intigiro yotsala ndi 2 ∫ ln x dx. Logarithimu ikadalimo, koma pawa yake yatsika kuchoka pa 2 kufika pa 1, ndipo chotsalacho tidachimaliza kale. Yankho ndi x (ln x)² − 2x ln x + 2x + C. Apanso mabulaketi ndi ofunika, chifukwa −2 uja ayenera kuchulukitsa magawo onse awiri a x ln x − x. Ndipo musasokoneze (ln x)² ndi ln(x²). Wachiwiriyu, pa x woposa 0, ndi 2 ln x chabe.

Logarithimu ikakhala ya 10, ija ya batani lolembedwa log, isintheni kaye: log x = (ln x)/(ln 10). Nambala ya 1/ln 10 ituluke kunja kwa intigiro, ndipo zotsalazo mwazidziwa.

Pamene njirayi si yoyenera

Si funso lililonse lokhala ndi ln kapena arctan limene likufuna bayi patsi. Musanayambe, yang'anani ngati derivetivi ya fankishoniyo ili kale pomwepo. Mu ∫ (ln x)/x dx muli 1/x, amene ndi derivetivi ya ln x. Ikani w = ln x, ndipo yankho ndi ½ (ln x)² + C pa mzere umodzi. Chimodzimodzi ∫ (arctan x)/(1 + x²) dx ndi ½ (arctan x)² + C. Mukakakamira bayi patsi pa mafunso amenewa mudzafikabe, koma intigiro yoyamba ija idzabweranso kumanja ndipo mudzafunika kuisamutsa ngati pothetsa ikwezhoni.

Palinso ena amene sangatheke ndi mafankishoni amene timaphunzira m'chaka choyamba. ∫ 1/(ln x) dx ndi ∫ (arctan x)/x dx alibe yankho lolembeka ndi mapawa, malogarithimu ndi tirigonometire wamba. Mukayesa njira yathuyi pa woyambayo, mudzaona intigiro yotsala ikubwera ndi (ln x)² pansi, yovuta kuposa imene mudayamba nayo, ndipo ulendo wachiwiri idzabwera ndi (ln x)³. Mafunso otere amawerengedwa ndi manambala, monga ndi lamulo la Simpson, kapena ndi masirizi.

Kuti dzanja lizolowere, chitani awa atatu pa pepala mutabisa mayankho, ndipo lililonse mulidifarenshiyete musanayang'ane. Pa ∫ arctan 2x dx samalani ndi 2 wa m'kati, pakuti du = 2 dx/(1 + 4x²), ndipo muyenera kufika pa x arctan 2x − ¼ ln(1 + 4x²) + C. Pa ∫ x ln x dx, logarithimu ikhalebe u ngakhale x akuoneka wosavuta kudifarenshiyeta, ndipo yankho ndi (x²/2) ln x − x²/4 + C. Pomaliza pezani ∫ ln x dx kuchokera pa 1 kufika pa 2. Muyenera kupeza 2 ln 2 − 1, pafupifupi 0.386, ndipo mujambule girafu yake kuti muone chifukwa chake nambalayi iyenera kukhala pakati pa 0.347 ndi 0.693.